Mauthenga a mtedza kwa alimi a ku Mchinji: momwe tinachokera pa vidiyo kufika pa kawailesi ka memori khadi

4 Malichi 2024

Kopaletivi yathu ili ndi makalabu 14 a alimi a mtedza, omwazikana kuyambira chakufupi ndi Kamwendo mpaka kumtunda cha ku Mkanda. Ntchito imene komiti yatipatsa chaka chino ndi yofikitsa uphungu wa kakololedwe kwa mamembala onse mtedza usanakumbidwe: nthawi yokumba, kayanikidwe, kaswedwe, kasankhidwe, ndi masiku amene galimoto izidzagula. Chaka chatha ogula anatibwezera matumba ena chifukwa cha chuku, ndiye aliyense akudziwa chimene tikuthamangira.

Tisanatumize kalikonse tinapempha alembi a makalabu kuti alembe m'kope nambala ya membala aliyense, mtundu wa foni, ndi dzina la amene amagona nayo foniyo. Funso lomalizali ndi limene latiuza zambiri. Pa mamembala 320, manambala osiyana apezeka 210. Mafoni otsegula WhatsApp alipo 46 okha, ambiri mwa iwo ali m'manja mwa ana a mamembala kapena amuna awo. Enawo ndi amabatani, a itel ndi Tecno. Palinso anthu amene ali ndi simu khadi koma alibe foni: amaisunga m'kachikwama kapena kuimanga pakona ya chitenje, n'kuilowetsa m'foni yobwereka akafuna kuona ngati kwabwera ndalama. Munthu wotere uthenga umamupeza Loweruka ngakhale utatumizidwa Lolemba.

Zimene tili nazo: laputopu imodzi yakale, foni imodzi ya ofesi, ndi K400,000 ya nyengo yonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi si yoti n'kuchita nayo matama.

18 Malichi

Tinayamba ndi vidiyo, poti ndi imene opereka thandizo amakonda kuona mu lipoti. Alangizi anasonyeza kaunjikidwe ka mtedza wongokumbidwa kumene mwa njira ya Mandela koko, pomwe mapesi amaikidwa mozungulira, makoko kuloza mkati, pakati n'kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Vidiyoyo inali ya mphindi zitatu, ndipo WhatsApp itaifinya inatsala 14 MB. Tinaiika m'gulu la mafoni 46 aja.

Sabata itatha, amene anaionera mpaka kumapeto anali ochepa oti n'kuwawerenga ndi zala. Tinapita kukaona tokha ku kalabu ina ya kumpoto. Pamwamba pa foni, pambali pa timizere ta netiweki, panali chilembo `E`, kutanthauza 2G, ndipo liwiro limasewera pa 8 KB pa sekondi. Masamu ake ndi osavuta: 14,000 KB kugawa ndi 8 ndi masekondi 1,750, pafupifupi theka la ola munthu ataimirira pachulu, foni m'mwamba, netiweki osaduka. Koma imaduka. Kabwalo kozungulira kaja kamafika pakati n'kuima, mwini foni n'kutopa.

Mnyamata amene amasunga foni ya amayi ake anatiuza mosabisa kuti: “Madala, ndikaona pakona palembedwa 14 MB sindidina n'komwe. Bandulo yanga ndi ya macheza.” Anthu amawerenga nambala imeneyi asanawerenge china chilichonse, ndipo ambiri anazimitsa kale kutsitsa kodzichitikira pa `Storage and data`. Ndiye chithunzi choyamba chimene mlimi amaona pa uthenga wathu si alangizi ayi, ndi mtengo wake.

Tinayesa kupeputsa poika vidiyoyo pa YouTube ndi kutumiza linki. Izi zinafa tsiku lomwelo. Ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, yomwe ndi yotsika mtengo kusiyana ndi ya intaneti yonse, ndipo linki yotulukira kunja siitseguka pa bandulo imeneyo. Choipa kwambiri n'chakuti wina akaidina ali ndi mayunitsi otsala m'foni, mayunitsiwo amatha kudyeka. Amayi ena anatidandaulira zimenezi pamsonkhano. Fomu ya pa intaneti yofunsira maekala a mtedza inagwa pa chifukwa chomwechi. Kuyambira lero, palibe linki.

2 Epulo

Tadziikira malire: zonse zimene titumize pa sabata zisapitirire 500 KB. Malire amenewa atithetsera mikangano yambiri muofesi, chifukwa aliyense wobwera ndi ganizo timangomufunsa kuti ndi ma KB angati.

Choyamba kugwa chinali chikalata cha mitengo cha PDF chokhala ndi chizindikiro cha kopaletivi. Kupatula kulemera, mafoni ena analibe pulogalamu yochitsegulira. Mitengo ndi masiku tsopano tikulemba ngati uthenga wamba, umene sufika n'komwe 1 KB ndipo umadutsa ngakhale pa `E`. Chithunzi tikutumiza chimodzi pa sabata, chikafunikadi: sabata ino ndi khoko loswedwa, kuonetsa madontho akuda mkati amene amasonyeza kuti mtedza wakhwima. Timajambula pafupi, pa chiguduli choyera, popanda mawu olembedwa, chifukwa tizilembo ting'onoting'ono timafufutika chithunzi chikafinyidwa.

Uphungu weniweni tauika m'mawu. Alangizi amalankhula mphindi imodzi ndi theka, nkhani imodzi yokha. Poyamba ankayamba ndi malonje aatali, kuthokoza mafumu ndi komiti, moti theka la nthawi limatha asanatchule mtedza. Tinakambirana nawo mwaulemu, ndipo tsopano chiganizo choyamba chimanena tsiku ndi nkhani: “Lero pa 2 Epulo, nkhani ndi ya kudziwa ngati mtedza wakhwima.” Tsiku timalitchula pakamwa dala. Uthenga wa mawu umayenda milungu ingapo kuchoka m'foni kupita m'foni, ndipo sitifuna kuti wina amve za “Lachisanu likubwerali” patatha mwezi.

Tatsekanso gulu kuti olemba akhale oyang'anira okha. Linadzadza ndi mavidiyo a maukwati ndi zithunzi za “mwadzuka bwanji”, ndipo anthu angapo anatulukamo poteteza bandulo yawo. Mafunso akupita ku nambala ya ofesi.

15 Epulo

Mauthenga a mawu akutsika bwino m'mafoni 46 aja, koma apo ndi pomwe amathera. Ganizo lathu linali loti mwini foni yaikulu azipatsira anzake amabatani pa Bluetooth, popanda bandulo. Fayilo imapita ndithu, koma ikafika foni yamabatani imakana kuiimba. Chifukwa chake n'chakuti uthenga wojambulidwa mkati mwa WhatsApp umasungidwa ngati `.opus`, mtundu umene mafoni amabatani athu onse sanauzindikire. Chimene amadziwa ndi MP3, ngati nyimbo zimene anyamata a pamsika amawaikira.

Tsopano timajambula ndi pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni, m'chipinda chosungiramo matumba momwe mulibe phokoso lobwerera, kenako pa laputopu timasandutsa kukhala MP3 ndi pulogalamu ya ffmpeg motere:

```
ffmpeg -i uthenga.m4a -ac 1 -ar 22050 -b:a 32k 2024-04-15_kuyanika.mp3
```

Pa 32k, sekondi iliyonse imalemera 4 KB, ndiye mphindi imodzi ndi theka ndi 360 KB. Ndi yolemerako kuposa ya `.opus`, koma ikukwanabe m'malire athu, ndipo pa liwiro la 8 KB lija imatsika m'masekondi 45. Tinayesa kutsitsa mpaka 16k kuti tipulumutse zina. Mawu anamveka ngati akuchokera m'chitini, ndipo achikulire anati sakumva manambala. Tabwerera pa 32k.

Kanthu kena kakang'ono koma kotaya nthawi: fayilo ikatumizidwa ngati `Audio`, imafika ndi dzina longa `AUD-20240415-WA0003`, ndipo woifunafuna kuti apatsire mnzake amasochera pakati pa maulaliki ndi nyimbo. Tikaitumiza ngati `Document`, dzina lathu limasungika. Tsiku timaliika kutsogolo kuti mafayilo azindandalikana okha.

29 Epulo

Apa ndi pomwe ntchito yasintha kwambiri, ndipo palibe lamulo la pa kompyuta limene likanatithandiza.

Pa `Message info` zinkaoneka kuti pafupifupi onse atsegula uthenga wa kayanikidwe. Tinasangalala. Koma titafika pa kalabu ina tinapeza mtedza wothotholedwa msanga uli mbwee pa dothi, wina uli m'matumba usanaume. Tinafunsa amayi amene anali pamenepo ngati anamva zimene alangizi ananena. Mmodzi anayankha kuti: “Foni imakhala ndi bambo a kunyumba. Amachoka nayo m'mamawa kupita ku kabaza, akabwera madzulo yatha moto.” Wina anati mwana wake anafufuta chifukwa foni inkadandaula kuti malo atha.

Timizere tiwiri tabuluu timangonena kuti chala china chadina. Sitinena kuti chala chake ndi cha yani. Pa mtedza, amene amathothola, kuswa ndi kusankha nthawi zambiri ndi amayi, ndipo pa kaundula wathu uja amayi ndi amene anali ndi mafoni ochepa. Tinkalankhula ndi osunga mafoni, pomwe ogwira mtedza sakumva.

Tasiya kuwerenga manambala, tayamba kuwerenga makalabu. Kalabu iliyonse yasankha munthu mmodzi wolandira uthenga, ndipo tinapempha kuti asasankhe poona ulemu koma poona amene amapezeka pakhomo ndiponso amene foni ndi yakeyake. M'makalabu ambiri wapezeka ndi mlembi wa banki m'khonde. Izi zatithandiza kawiri, chifukwa banki m'khonde imakumana sabata iliyonse popanda ife kuitana, ndipo anthu sajomba poopa chindapusa. Uthenga ukuimbidwa pamenepo, asanayambe kuponya masheya. Tinayesa kumapeto, koma ndalama zikangowerengedwa anthu amabalalika.

Choncho fayilo imodzi ikutsitsidwa ka 14 pa sabata m'malo mwa ka 46, ndipo ikumvedwa ndi anthu ambiri kuposa kale. Gulu lalikulu lija likadalipo kwa ofuna, koma sitiliyesanso muyeso.

A tcheya a kalabu ina sanakondwe kuti uthenga ukudzera kwa mtsikana wamng'ono iwo alipo. Tinagwirizana kuti iwo ndi amene azitsegula ndi kutseka zokambirana, mtsikanayo azingodina batani. Nkhani inathera pomwepo.

6 Meyi

Sipika ya foni siimveka pagulu la anthu makumi awiri pansi pa mtengo wa mango, makamaka kukakhala mphepo. Tagula timawailesi 14 totchaja, tolowa memori khadi, pa K17,000 kamodzi, zonse K238,000. Ndi ndalama yaikulu kuposa ina iliyonse pa ntchitoyi. Tinasankha tokhala ndi batire yochotseka ndi kabowo kotchajira kofanana ndi ka foni, kuti tizitchajidwa pa sola iliyonse ya m'mudzi.

Makhadi tinagula 14 pa K5,000 imodzi kwa wogulitsa wina wa mumsewu ku Lilongwe. Asanu anali achinyengo. Pa laputopu amaonetsa 16 GB, mafayilo amalowa bwinobwino, koma ukawabwezamo ena sakutseguka. Tinawayeza ndi H2testw, pulogalamu imene imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso zimene yalemba, ndipo malo enieni anapezeka ochepa zedi. Wogulitsayo sitinamupezenso, K25,000 yapita. Olowa m'malo tinagula m'sitolo, a 4 GB, n'kuwayeza tisanachoke mtauni. Sitifuna n'komwe malo ambiri: mauthenga onse a nyengo ino safika 10 MB. Makhadi onse tawakonza ngati FAT32, poti timawailesi ndi mafoni amabatani ndi mtundu umene amawerenga mosavuta.

Pa khadi iliyonse taikiratu mauthenga asanu ndi atatu amene sasintha, a kayanikidwe, kaswedwe, kasankhidwe ndi kasungidwe. Amenewa safunanso netiweki mpang'ono pomwe. Pa WhatsApp patsala zatsopano zokha, ndipo mlembi amaziimba pa kawailesi kudzera pa Bluetooth.

Vidiyo ya Mandela koko ija sitinaitaye. Kaunjikidwe ndi chinthu chovuta kufotokoza ndi pakamwa, ndiye alangizi akamayendera kalabu amaipatsira m'foni ya mlembi pa Xender, zomwe sizidya bandulo ngakhale pang'ono.

22 Meyi

Masiku ogula amafunika kufika kwa aliyense, ngakhale amene sanapite ku banki m'khonde, ndiye apa tagwiritsa ntchito SMS ku manambala onse 210. Uthenga woyamba unali uwu:

```
Kwa onse a kalabu, 22 Meyi: musathire madzi mtedza poswa, umagwira chuku. Sankhani wowola ndi wofota padera. Kugula: Lachisanu m'mawa ku nyumba ya kalabu.
```

Zilembo zake sizifika 160, kotero umayenera kukhala SMS imodzi pa munthu. Titaona ndalama yotsala, inali itadyeka katatu: ma SMS 630 m'malo mwa 210. Chinachititsa ndi kachizindikiro kamodzi. Uthengawo unalembedwa kaye mu Word, ndipo Word inasintha kankhodolero kowongoka `'` ka mu “m'mawa” kukhala kopindika `’`. SMS wamba imanyamula zilembo 160 pokhapokha zonse zikakhala za m'gulu lotchedwa GSM-7. Mukangolowa chimodzi chakunja kwa gululi, uthenga wonse umasamukira ku UCS-2, komwe malire ndi 70, ndipo ukakhala wautali umadulidwa m'zidutswa za 67. Wathu unaduka patatu.

Kwa olemba Chichewa msampha umenewu uli paliponse, chifukwa m'mudzi, ng'ombe, n'kofunika, zonsezi zili ndi kachizindikiro kameneka. Chilembo `ŵ` nacho sichili mu GSM-7, chimodzimodzi tizithunzi tankhope toseka. Tsopano timalemba mu Notepad, ndipo tisanatumize timayang'ana kawerengero ka zidutswa: kakaonetsa zoposa 1, pali chimene chalowa.

Mawu akuti “Kwa onse a kalabu” tawaika dala kumayambiriro, kuti wogwira foni adziwe kuti uthengawo si wake yekha.

3 Juni

Galimoto itagula koyamba, ofesi inatumizira membala aliyense SMS yonena makilo amene wapereka, ndalama yake, ndi ngongole ya mbewu imene yadulidwa. Zinkaoneka zachilungamo. Sabata isanathe, alembi awiri anabwera ndi madandaulo. Amayi ena analembetsa nambala ya alamu awo, ndipo mudzi wonse unadziwa ndalama imene alandira asanaigwire n'komwe. Obwereka anayamba kufika. Kwina uthenga wa ngongole unawerengedwa ndi bambo amene sankadziwa kuti akazi awo anatenga mbewu pa ngongole, ndipo panabuka mkangano wofika kwa ankhoswe.

Lamulo latsopano: pa foni sipadutsa dzina la munthu pamodzi ndi ndalama. SMS ikungoti risiti yanu ili kwa alembi. Risitiyo ndi yapepala, imaperekedwa m'manja. Pa malipiro a Airtel Money ndi Mpamba sitingabise chiwerengero, poti uthenga wa ndalama umafika wokha pa nambalayo. Ndiye tisanalipire timafunsa membala payekha, osati pagulu, ngati akufuna ndalama ipite pa nambala imene analembetsa kapena adzalandire pamanja. Ambiri mwa ogwiritsa ntchito foni yobwereka asankha pamanja, ngakhale zikutanthauza kudikira tsiku limene msungichuma abwere. Komanso timawerenga mokweza dzina limene latuluka pa sikirini tisanatsimikize, chifukwa nambala zambiri zinalembetsedwa m'dzina la wachibale.

17 Juni

Alembi tinkawatumizira mayunitsi a K1,500 pa mwezi oti agulire bandulo. Ena ankati sanafike. Anafika, koma foni inali ndi ngongole ya mayunitsi obwereka, ndipo atangolowa anadulidwa. Tsopano timagula bandulo yeniyeniyo kuchokera ku foni ya ofesi n'kuitumiza ku nambala yawo. Pa miyezi itatu zimenezi zikwana K63,000.

Takhazikitsanso tsiku: uthenga umatuluka Lolemba m'mawa basi. Kale tinkatumiza tikangomaliza kujambula, tsiku lililonse, ndipo wogula bandulo ya tsiku limodzi sankadziwa kuti agule liti. Panopa akudziwa. Ngakhale ena a m'gulu lalikulu lija ayamba kutsegula data Lolemba lokha. M'mawa tasankha chifukwa kumeneko mafayilo akutsika msanga kusiyana ndi madzulo, pomwe aliyense ali pa foni. Makalabu awiri a kufupi ndi malire ali ndi vuto lawolawo: foni imakoka netiweki ya ku Zambia, bandulo n'kusiya kugwira. Tinawasonyeza posankhira netiweki pamanja pa `Network operators` m'malo moisiya pa `Automatic`.

Kadaulo wina anatiuza kuti tiyese `Broadcast list` m'malo mwa gulu. Imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yathu m'foni, ndipo pa mafoni opatsirana manambala amafufutika kawirikawiri. Kwa alembi 14 ikugwira, kwa enawo ayi.

1 Julayi

Funso lotsala linali loti tidziwa bwanji kuti anthu amva, poti timizere tabuluu tinatinamiza kale. Kumapeto kwa uthenga uliwonse alangizi amafunsa funso limodzi, ndipo mlembi amalemba m'kope anthu amene analipo ndi yankho limene gulu lagwirizana. Akamaliza amangoflasha nambala ya ofesi, ife n'kuimba. Sataya kalikonse. Kalabu imene sinaflashe pofika Lachisanu timaiimbira tokha, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala maliro kapena kawailesi katha moto.

Mafunso oyamba anali osathandiza. Tikafunsa kuti “Kodi mwamva?” aliyense amati eya. Tsopano timafunsa zoti sungayankhe usanamvere, monga “Mtedza wouma bwino umamveka bwanji ukaugwedeza m'khoko?” Yankho ndi lakuti umachita phokoso, njere zikugunda khoko. Makalabu atatu anayankha zina, ndipo titafufuza tinapeza kuti m'makhadi awo munadzadza nyimbo, moti mlembi ankadina batani kambirimbiri osaupeza uthenga, n'kungoufotokoza yekha momwe akukumbukira. Sitinaletse nyimbo, poti ndi zimene zikuchititsa kuti kawailesi kazitchajidwa. Tagula makhadi ena atatu, a kalabu tawapaka penti yofiira ya m'zikhadabo, ndipo amakhala m'bokosi la banki m'khonde limodzi ndi mabuku.

Muyeso wina ukuonekera pa sikelo. Wolandira mtedza amalowetsa dzanja m'thumba, n'kuluma njere zingapo: youma imathetheka, yonyowetsedwa imafewa ndipo khungu lake limakwinyika. Takonza kuti azilemba dzina la kalabu pa thumba lililonse lobwezedwa. Makalabu awiri ndi amene akubwezedwa kwambiri, ndipo onse ndi amene amaswa ndi manja mtedza wambiri. Iwo amva uthengawo bwino lomwe, akuyankha mafunso molondola, koma akuthirabe madzi chifukwa makoko ouma a mtedza wa mtundu wa CG7 amapweteka zala. Pamenepa uthenga wina suthandiza. Nkhaniyi taipititsa ku komiti kuti aone za kubwereketsa makina oswera a pamanja.

Ndalama pofika lero: timawailesi K238,000, makhadi onse pamodzi ndi achinyengo aja K110,000, mabandulo K63,000, ma SMS ndi kuimba K41,000. Tapyola bajeti ndi K52,000, imene komiti yavomera kuchotsa pa ndalama ya mayendedwe. Timawailesi tiwiri tafa pa kabowo kotchajira ndipo tili kwa wokonza mafoni ku Kamwendo. Mauthenga a kasungidwe ka mbewu ya chaka chamawa tijambula sabata ya mawa, ndipo alowa m'makhadi galimoto ikamazungulira kukagula komaliza.